Moni wa pafoni ya bizinesi ku Chitipa: amalipira ndi woyimba

Munthu akayimba foni ku shopu, mayunitsi amayamba kudyeka pomwe mbali inayo yayankha. Kaya wayankha ndi mwini shopu, kaya ndi mawu ojambulidwa, kampani ya foni siisiyanitsa. Kuno kwathu wolipira ndi woyimba. Choncho moni uliwonse umene wabizinesi wajambula, ndi mawu aliwonse ouza kasitomala kuti adikire, amagulidwa ndi ndalama ya kasitomalayo, ngakhale sanawapemphe. Amene akufuna kulemba uthenga wotere ayambire pamenepa, chifukwa zina zonse, kutalika kwake, chiyankhulo chake, nyimbo yoikamo kapena kusaikamo, zimachokera pa mfundo imeneyi.

Ku Chitipa nkhaniyi imalemera kuposa ku Lilongwe kapena ku Blantyre. Bomali ndi lamapiri ndipo midzi yake ndi yotalikirana. Mlimi wa ku Nthalire, ku Wenya, kwa Kameme kapena ku Misuku sayimba foni ku shopu ya pa Boma kuti acheze. Akufuna adziwe ngati feteleza wafika asanalipire njinga yamoto kapena galimoto, chifukwa ulendo wopita pachabe umamutayitsa ndalama ndi tsiku lathunthu. Mwina wayenda kaye kukafika pamtunda pomwe netiweki imagwira, ndipo batire yake yatsala pang'ono. Munthu wotere akamva mawu ojambulidwa akumutamanda kwa theka la mphindi osamuuza kanthu, amadula, ndipo ulendo wina amayimbira shopu ina.

Tisanafike pa mawu enieniwo, ndi bwino kudziwa kuti uthengawo ukakhala pati. Mabizinesi ang'onoang'ono ambiri, monga ogulitsa zipangizo zaulimi, malo ogona alendo, ogulitsa mankhwala ndi osoka zovala, laini yawo ndi simu ya TNM kapena ya Airtel yomwe ili m'foni ya m'manja. Pafoni yotere moni wojambulidwa amakhala mu voisimelo, kumene foni imagwera ikapanda kuyankhidwa. Ndiye choyamba n'kufunsa kampani ya foni yanu ngati laini yanu ili ndi voisimelo yolola kuti mujambulemo mawu anu. Uthenga wodikirira ndi nkhani ina. Mukadina batani loimika foni pafoni ya m'manja, woyimbayo amamva zimene kampani ya foni inaika, osati zanu. Kuti amve mawu anu pamafunika kamakina kogawa mafoni kotchedwa `PBX`, komwe mungakapeze m'malo ogona alendo okulirapo, m'zipatala kapena m'maofesi a mabungwe. Amene alibe kamakinaka asaganize kuti nkhani yodikiritsa sikumukhudza. Uthenga wake wodikirira ndi mawu amene wogulitsa amanena pakamwa asanaike foni pakauntala kukayang'ana katundu, ndipo mawu amenewo amafunikanso kulembedwa ndi kuphunzitsidwa.

Foni imagwera ku voisimelo pa zifukwa zitatu: yalira koma sinayankhidwe, mwini wake akuyankhula ndi wina, kapena ndi yozima kapena ili kopanda netiweki. Pamafoni a simu pali manambala odziwika otumizira foni kwina pa chifukwa chilichonse mwa zitatuzi, motsatana chonchi:

```
**61*NAMBALA**20#
**67*NAMBALA#
**62*NAMBALA#
```

Pamzere woyamba, 20 ndi masekondi amene foni ilire isanatumizidwe, ndipo mukhoza kusankha kuyambira 5 mpaka 30. Kufafaniza zonse ndi `##002#`. Ndatchula manambalawa chifukwa pamalo pa `NAMBALA` sipayenera kukhala voisimelo yokha. Mukhoza kuikapo foni ya mnzanu wa m'shopu kapena ya mayi a kunyumba, ndipo munthu wamoyo amaposa mawu ojambulidwa nthawi zonse. Dziwani kokha kuti gawo lotumizidwalo kawirikawiri amalipiritsa mwini laini. Komanso zifukwa zitatuzi zili ndi ntchito yaikulu pakulemba, monga tione posachedwa, popeza moni ndi mmodzi koma ayenera kunena zoona pa zifukwa zonse zitatu.

Tiyeni titenge chitsanzo cha shopu yogulitsa mbewu ndi feteleza pa Chitipa Boma. Mwini wake timutche Auje. M'mwezi wa Novembala, mvula ikamayandikira, pakauntala pamadzaza ndipo foni imalira osapuma. Auje akhala pansi n'kulemba moni wotere, womwe ndi wofanana ndi umene ambiri amalemba ulendo woyamba:

"Moni, moni makasitomala athu onse olemekezeka. Takulandirani ku shopu yathu ya zipangizo zaulimi, komwe kasitomala ndi mfumu. Timagulitsa mbewu zamitundumitundu, feteleza, mankhwala a mbewu ndi a ziweto, makasu, zopopera mankhwala ndi zina zambiri pamitengo yotsika. Pepani kuti pakadali pano sitingathe kuyankha foni yanu chifukwa tatanganidwa pang'ono. Foni yanu ndi yofunika kwambiri kwa ife. Chonde siyani uthenga ndipo tidzakuyimbirani posachedwa. Zikomo, Mulungu akudalitseni."

Palibe mawu oipa m'menemu, ndipo mtima wa wolembayo ndi wabwino. Koma werengani mokweza, modekha, mutayang'ana wotchi. Mupeza kuti akutenga masekondi pafupifupi 40. Tingoyerekeza kuti kuyimba kukudya K60 pamphindi, kuti masamu aphweke. Ndiye kuti mlimi walipira K40 kuti amve zinthu zimene akudziwa kale. Akudziwa kuti shopuyi imagulitsa feteleza, n'chifukwa chake wayimba. Mawu oyamba omuthandiza, akuti palibe woyankha, akubwera patadutsa masekondi oposa 20. Dzina la shopu silinatchulidwe n'komwe, moti amene anapatsidwa nambala ndi mnzake sakudziwa ngati wayimba koyenera. Ndipo lonjezo loti "posachedwa" silimuuza ngati adikire paphiripo kapena atsike kubwerera kumudzi.

Pali chinanso cholakwika chomwe sichioneka msanga. Auje alemba kuti "tatanganidwa pang'ono", koma uthenga womwewo udzamveka pakati pa usiku, Lamulungu, ndiponso tsiku limene magetsi azima foni n'kuthera moto. Wina akamva kuti atanganidwa pang'ono adzayimbanso kasanu mkati mwa ola limodzi, ndipo ulendo uliwonse adzalipira. Ena pofuna kufupikitsa amalemba kuti, "Dulani foni, nambala yanu taiona." Mawuwa ndi oona pamene foni inalira, koma ngati inali yozima nambalayo siioneka pa mndandanda wa mafoni osayankhidwa, pokhapokha kampani itatumiza meseji yodziwitsa. Lonjezo likhoza kusweka mwini wake osadziwa kuti analonjeza munthu. N'chifukwa chake ndimalimbikitsa kuti moni apemphe meseji. Meseji imadikira m'makina a kampani mpaka foni itayaka, ndi yotsika mtengo, ndipo wogulitsa akhoza kuiwerenga ali pakati pa makasitomala, pomwe uthenga wa mawu umafuna kuti apite pambali kukamvetsera.

Nawu moni wa Auje atakonzedwa:

"Mwaghona, moni. Muno ndi mwa Auje, ogulitsa mbewu ndi feteleza pa Chitipa Boma. Sitinathe kuyankha. Dulani foni, mutumize meseji pa nambala yomweyi, tikuyimbirani ndife. Timatsegula 7 koloko m'mawa mpaka 5 koloko madzulo, kupatula Lamulungu. Zikomo."

Uwu ukutenga masekondi pafupifupi 20, koma chachikulu ndi dongosolo lake. Podutsa masekondi 7 woyimba wadziwa kuti wafika koyenera. Podutsa 10 wadziwa kuti palibe munthu, ndipo wauzidwa kuti adule. Nthawi yotsegulira yaikidwa kumapeto dala, kuti amene akuidziwa asailipire. Lamulo lake ndi lakuti chimene aliyense akufuna chikhale patsogolo, chimene akufuna ochepa chikhale kumbuyo. Mawu akuti "tikuyimbirani ndife" ndiwo mtima wa uthenga wonse, chifukwa akusamutsa mtengo wa kuyankhulana kuchoka kwa mlimi kupita kwa wamalonda. Anthu athu anazolowera kale kuflasha, kuliza foni kamodzi n'kudula kuti winayo ayimbe. Shopu yovomereza poyera kuti ndiyo iyimbe ikungolemekeza chizolowezi chomwe chilipo.

Auje akhoza kuwonjezera nthawi, kunena kuti "tikuyimbirani ola lisanathe ngati shopu ndi yotsegula". Izi n'zabwino kwambiri, koma pokhapokha pali munthu amene wapatsidwa ntchitoyo, ndipo foni ili ndi mayunitsi oyimbira. Ngati sangakwanitse ola limodzi anene kuti "lero lomwe", kapena "tisanatseke". Lonjezo lalifupi losakwaniritsidwa limawononga dzina kuposa lonjezo lalitali losungidwa. Pa masiku, atchule Loweruka kapena Lamulungu mwachindunji, chifukwa "Lasabata" ena amamva tsiku lina, ena lina, malinga ndi mpingo wawo.

Wina anganene kuti moni wamfupi chonchi ndi wamwano. Kwathu munthu sufikira pa nkhani usanafunse za kunyumba, ndipo kumpoto mwambo wopatsana moni ndi wozama. Dandauloli ndi lomveka, ndipo sindikulipeputsa. Koma moni weniweni ndi wa anthu awiri: wina amafunsa, wina amayankha. Mawu ojambulidwa akafunsa kuti "muli bwanji?" sadikira yankho, ndipo agogo amene ayamba kuyankha kuti "ndili bwino, kaya inu" amapezeka akuyankhula okha, mawu enawo akupitirira. Kumeneko ndiko kuwachititsa manyazi. Ulemu pa uthenga wojambulidwa umaoneka m'njira zina: kutchula munthu kuti "inu", kuyankhula mosathamanga, kunena zikomo, ndi kusamudyera mayunitsi. Mawu oti "bambo" kapena "mayi" asiyeni, popeza simukudziwa amene wayimba. Moni wautali, wofunsa za ana ndi za mvula, musungireni nthawi imene mukumuyimbira ndinu.

Tsopano funso lovuta koposa, lomwe Chitipa imasiyana nalo ndi maboma ena onse: uthengawu ukhale m'chiyankhulo chanji? M'boma limodzili muli Chilambya, Chindali, Chisukwa, Chinyiha, Chitumbuka, Chinamwanga, Chimambwe, Chibemba ndi zina. Chakum'mwera, ku Nthalire ndi ku Wenya, Chitumbuka ndicho chimamveka kwambiri. Ku Misuku ndi kwa Asukwa ndi Andali. Kumalire a Tanzania, njira ya ku Mbilima ndi Isongole, amalonda amagwiritsanso ntchito Chiswahili, ndipo opita ku Nakonde amamva Chibemba ndi Chinamwanga. Pamwamba pa izi pali aphunzitsi, apolisi, anamwino ndi ogwira ntchito m'mabungwe ochokera m'zigawo zina, omwe amadalira Chichewa ndi Chingerezi. Nkhani ya chiyankhulo ilinso ndi mbiri yake. Mu 1968 Chichewa chinakhazikitsidwa kukhala chiyankhulo cha dziko, Chitumbuka n'kuchotsedwa pa wailesi ya MBC, ndipo chinabwereranso mu 1994. Anthu akumpoto amaikumbukira mbiri imeneyi, moti wamalonda wanzeru satenga Chichewa ngati chinthu choti aliyense angochilandira.

Njira yoyamba imene anthu amaiganizira ndi kubwereza uthenga wonse m'ziyankhulo zitatu kapena zinayi. Iyi ndi njira yoipa koposa, chifukwa masekondi 20 amasanduka 60 kapena 80, ndipo amene chiyankhulo chake chili kumapeto ndiye amalipira kwambiri. Njira yachiwiri ndi yodina manambala: dinani 1 kuti mumve Chichewa, 2 kuti mumve Chitumbuka. Amalawi ambiri anaizolowera njirayi kudzera ku 321 ya Airtel, ndipo ambiri amadziwanso Chipatala Cha Pa Foni, chomwe chinayambira ku Balaka mu 2011. Koma malaini amenewa anakonzedwa kuti woyimba asamadandaule za mayunitsi, n'chifukwa chake akhoza kutenga nthawi. Shopu ilibe mwayi umenewo, ndipo voisimelo wamba siingathe n'komwe kugawa mafoni motero.

Njira imene ndimaiona kuti ndi yabwino ndi iyi: thunthu la uthenga likhale m'chiyankhulo chimodzi, moni ukhale m'ziwiri. Chiyankhulo cha thunthu musachisankhe ndi mtima kapena ndi mtundu wanu. Kwa sabata imodzi, aliyense woyankha foni azilemba kachizindikiro m'kope kusonyeza chiyankhulo chimene woyimba wayambira. Sabata ikatha muwerenge. Shopu ya pa Boma ikhoza kupeza zosiyana kwambiri ndi shopu ya ku Nthalire, kumene Chitumbuka chingapambane mosavuta. Malo ogona alendo, omwe amayimbiridwa ndi anthu ochokera ku Lilongwe, Mzuzu ndi Karonga, angafune Chingerezi ndi Chichewa. Moni wa mawu amodzi m'chiyankhulo cha kumaloko, monga "Mwaghona" kapena "Monire", amatenga sekondi imodzi, koma amauza woyimba kuti akabwezeredwa foni akhoza kuyankhula chakwawo. Ngati chiyankhulo chachiwiri chili ndi anthu ambiri ndithu, bwerezani m'chiyankhulocho chiganizo chimodzi chokha, chouza munthu chochita: dulani, tumizani meseji, tikuyimbirani. Ndipo chiganizocho achilembe ndi kuchinena mwini chiyankhulo. Chilambya chopotoka chonenedwa ndi mlendo pamaso chimasangalatsa, koma chojambulidwa n'kumamveka tsiku ndi tsiku chimasanduka choseketsa pamsika.

Amene ali ndi makasitomala a kutsidya kwa Songwe asamale ndi nthawi. Tanzania ili patsogolo pa Malawi ndi ola limodzi, pomwe Zambia tili nayo nthawi imodzi. Komanso m'Chiswahili maola amawerengedwa kuyambira m'bandakucha, moti 7 koloko m'mawa ndi ola loyamba. Munthu wa ku Isongole akamva "seveni" akhoza kumva zinthu zingapo. Kuwonjezera mawu oti "nthawi ya ku Malawi" kumatenga masekondi awiri ndipo kumapulumutsa ulendo. Shopu yopanda makasitomala otere isawonjezere.

Tibwere ku uthenga wodikirira. M'mayiko ena, kumene woyimba amalipira zochepa kapena salipira n'komwe, nthawi yodikira amaitenga ngati mpata wotsatsa malonda: nyimbo, kenako kutamanda katundu, kenako nyimbo. Kutengera zimenezo kuno n'kulakwa. Woyimba wa ku Chitipa amene waimikidwa akumva ndalama yake ikutha, ndipo chimene akufuna kudziwa ndi ziwiri: kodi foni ikadalipo, ndipo adikira mpaka liti? Kukakhala zii, amaganiza kuti netiweki yaduka, chifukwa ndi zimene zimachitika kawirikawiri, ndipo amadula n'kuyimbanso. Ndiye ntchito yoyamba ya uthenga wodikirira ndi kumutsimikizira kuti sanatayidwe, yachiwiri ndi kumutsegulira khomo lotulukira. Kwa amene ali ndi `PBX`, mawu ake angakhale awa:

"Foni sinaduke, tikubwera. Ngati simungathe kudikira, dulani, tikuyimbirani ndife."

Apa lonjezo loyimbanso ndi lotetezeka, chifukwa foni inayankhidwa ndipo nambala yaoneka. Mawuwa abwerezedwe pakadutsa masekondi 15 kapena 20 aliwonse, pakati pake pakhale kaphokoso kofatsa kosonyeza kuti laini ili moyo. Ngati mukufuna kuwonjezera kanthu, kakhale kamodzi, ndipo kakhale koyankha funso limene anthu ambiri amayimbira. Kwa Auje mu Novembala ndi kunena kuti feteleza wobzalira alipo kapena watha. Theka la odikira akhoza kudula atakhutira. Koma uthenga wotere umafuna mwini wake wakhama, chifukwa feteleza akatha uthenga n'kumanenabe kuti alipo, mlimi adzakwera njinga kuchokera kutali pa mawu anu. Mitengo musaijambule. Tonse tinaona momwe mitengo inasinthira kwacha itagwetsedwa mphamvu mu Novembala 2023, ndipo mtengo wojambulidwa ndi mkangano umene ukudikira pakauntala. Amene sangathe kusintha uthenga tsiku lomwe zinthu zasintha, angonena zimene sizisintha.

Chinthu chimodzi chosasintha chomwe ndimaona kuti n'choyenera malo ndi chenjezo la akuba a pafoni. Makasitomala ambiri amalipira kudzera pa Mpamba kapena Airtel Money, ndipo akathyali amayimbira anthu kunamizira kuti ndi a shopu, n'kupereka nambala ina yotumizirako ndalama. Chiganizo chimodzi choti "sitipempha nambala yanu yachinsinsi, ndipo tilibe nambala ina yolipirira" chimateteza kasitomala ndi dzina la bizinesi. Nambala yeniyeniyo musaiwerenge mu uthenga. Timatchula manambala m'Chingerezi, ndipo pafoni "faifi" ndi "naini" amasokonezeka mosavuta. Itumizeni pa meseji.

Kwa ambiri omwe alibe makina, mawu odikiritsa ndi a pakamwa, ndipo mnyamata kapena mtsikana wa pakauntala awadziwe pamtima. Asangonena kuti "tadikirani" n'kuika foni pansi. Anene chimene akukachita ndi kutalika kwake, ndipo apemphe chilolezo: "Ndikayang'ane kumbuyoku, sipatha mphindi. Mudikira, kapena ndikuyimbireni?" Ambiri amasankha kuyimbiridwa. Malire abwino ndi theka la mphindi. Chilichonse chotenga nthawi yoposa apo, monga kuwerenga matumba kapena kufunsa abwana, chichitike foni itadulidwa. Akumbukirenso kuti foni yoikidwa pakauntala imamva zonse. Kasitomala amamva mukukambirana ngongole ya munthu wina, kapena mukumunena iye amene. Ngati foni yachiwiri ikulowa muli pakati poyankhula, zomwe zimatheka mukatsegula ndi `*43#`, musasiye woyamba osamuuza, ndipo wachiwiriyo muuzeni chiganizo chimodzi chokha, choti mumuyimbira mukamaliza.

Za nyimbo ndinene mwachidule kuti ambiri angachite bwino kuisiya. Foni inapangidwira mawu a munthu. Pa laini wamba pamadutsa gawo lochepa la phokoso, kuyambira pa 300 mpaka 3,400 `Hz`, ndipo makina a foni za m'manja amafinya mawuwo poganiza kuti ndi munthu akuyankhula. Gitala ndi ng'oma zikadutsa m'menemo zimatuluka zophwanyika, zikumveka ngati wailesi imene batire yake yatha. Komanso nyimbo ili ndi mwini wake. Kuimbira makasitomala nyimbo ya woimba wina pa bizinesi kumafuna chilolezo, ndipo kuno nkhani zimenezi amayang'anira ndi a COSOMA. Nyimbo ya mpingo wanu kapena yokhudza chipani imasankhanso makasitomala m'malo mwanu. Chimodzimodzi nyimbo zija zimene kampani za foni zimagulitsa kuti woyimba azimva foni ikamalira: pa laini ya bizinesi, munthu wachikulire akamva nyimbo m'malo mwa kulira kwa foni amaganiza kuti walakwitsa nambala.

Kuchepa kwa njira ya mawuku kumalamuliranso kajambulidwe. Zilembo monga s ndi f zimadalira phokoso lapamwamba lomwe foni imadula, n'chifukwa chake dzina la shopu liyenera kutchulidwa pang'onopang'ono kuposa mawu ena onse. Jambulani m'chipinda chokhala ndi katundu wofewa. Mosungira matumba a mbewu ndi malo abwino kwambiri, chifukwa matumba amameza mawu obwerera, pomwe chipinda chopanda kanthu chamalata chimachititsa mawu kumveka ngati akuchokera patali. Pewani nthawi imene mvula ikugwa padenga, chigayo chapafupi chikulira, kapena jenereta yayaka. M'mamawa msika usanadzuke ndi nthawi yabwino. Foni ikhale patali ngati chikhatho chimodzi kuchokera pakamwa, chapambali pang'ono, kuti mpweya wa p ndi ph usaombe maikolofoni. Imirirani poyankhula. Musanayambe dikirani theka la sekondi, chifukwa foni ikamalumikizidwa mawu oyambirira amadukako, ndipo ichi ndi chifukwa china choyambira ndi moni osati dzina la shopu: moni akaduka, dzina limapulumuka. Amene akuika uthenga mu `PBX` adziwe kuti makina ambiri amafuna fayilo ya `WAV`, `mono`, `8000 Hz`, `16-bit`. Fayilo ya mtundu wina imakanidwa kapena kumveka molakwika.

Wojambula akhale munthu amene makasitomala amamudziwa mawu. M'tauni yaing'ono ngati Chitipa mawu a mwini shopu ndi chidindo. Mawu a mlendo oyankhula ngati muulutsi amachititsa munthu kukayika, makamaka masiku ano akuba a pafoni atachuluka. Asawerenge ngati ali m'kalasi. Aloweze kaye, kenako anene ngati akuuza munthu mmodzi amene waima patsogolo pake.

Kuyesa ndi kumene ambiri amadumpha. Kumvetsera pafoni yomwe mwajambulira sikukuuzani kanthu, chifukwa kasitomala samva zimenezo. Bwerekani kafoni kamabatani kotsika mtengo, ka kampani ina, mupite panja pamsewu pomwe pali phokoso, muyimbe. Yesani katatu: foni ya shopu ikulira osayankhidwa, ili pakati poyankhula, ndiponso itazimitsidwa. Kenako pemphani munthu wachikulire amene sanaumvepo uthengawo, makamaka amene chiyankhulo chake choyamba si chimene mwajambulira, ayimbe kamodzi kokha. Mufunseni kuti wayimba kuti, wauzidwa kuchita chiyani, ndipo shopu imatseka nthawi yanji. Akalephera funso limodzi, vuto si makutu ake. Pakapita sabata ziwiri, foni yomweyo idzakuuzani ngati uthenga ukugwira ntchito. Nambala imodzi ikamaoneka kanayi kapena kasanu motsatizana, ndiye kuti anthu sakumva kuti adule n'kudikira, kapena sakukhulupirira kuti muyimbadi. Mameseji akamabwera ndipo mafoni obwerezabwereza akachepa, uthenga wamveka.

Makasitomala amene ali ndi mafoni amakono ambiri amalemba pa WhatsApp, ndipo `WhatsApp Business` ili ndi `Greeting message`, yomwe imapita yokha kwa munthu wolemba koyamba kapena amene papita masiku 14 asanalembe, komanso `Away message` ya nthawi imene mwatseka. Awa ndi mauthenga olembedwa, osati a mawu, koma anene zofanana ndi za pafoni. Nthawi yotsekera ikasiyana pakati pa foni, WhatsApp ndi chikwangwani cha pakhomo, kasitomala sakhulupiriranso chilichonse mwa zitatuzi.

Uthenga wokhazikika uja ukhale ndi mnzake wa masiku apadera, wolembedwa kale papepala n'kumatidwa kuseri kwa kauntala: "Lero tatseka, titsegula Lachinayi." Kukagwa maliro, kapena mwini shopu akapita kukapikula katundu ku Karonga kapena ku Tunduma, ajambule umenewo asananyamuke, ndipo atchule tsiku lenileni lotsegulira, osati "mawa", chifukwa mawa la uthenga wojambulidwa silifika. Chifukwa chotsekera sichifunika kunenedwa, ndipo si nzeru kulengeza pafoni kuti mwini wake wachoka ndipo pamalo palibe munthu. Pobwerera, ntchito yoyamba asanatsegule chitseko ndi kubwezeretsa uthenga wakale.

Inu amene muli ndi shopu, chigayo, malo ogona kapena galimoto ya hayala ku Chitipa, tengani foni ya mnansi lero muyimbe nambala ya bizinesi yanu, wotchi ili m'manja. Ngati podutsa masekondi 10 simunamve dzina la bizinesi ndi chimene woyimba ayenera kuchita, lembaninso uthengawo mvula isanagwe.